Za 240 uja wa pa pepala la mwana

Mnzanga wokondedwa,

Chithunzi cha pepala la zotsatira za mwana ndachiona nditangoweruka ku wodi. Uthenga wako wa mawu ndaumvetsera kawiri, ndipo ndamva kuti usiku wathawu sunaone tulo. Ndati ndikulembere bwinobwino, chifukwa pa foni ukanangomva mawu oti chikasu, zina zonse n'kukudutsa.

Ndiyambe ndi funso lako: kodi 240 ndi wochuluka? Ineyo sindingayankhe ndisanadziwe kuti mwana anali ndi maola angati pamene ankamubaya kachidendene kaja. Nambala imeneyi ndi ya bilirubini, chinthu cha m'magazi chimene chimabweretsa chikasu, ndipo payokha sinena kanthu. Imayamba kulankhula ikaikidwa pambali pa msinkhu wa mwana, ndipo msinkhuwo timauwerenga m'maola, osati m'masiku.

Iwe wandilembera kuti ali ndi masiku anayi. Wawerenga Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, monga momwe mayi aliyense angawerengere. Koma unachira Lolemba 10 koloko usiku, ndipo pa pepala palembedwa kuti magazi anatengedwa Lachinayi 10 koloko m'mawa. Pofika Lachitatu usiku anali atakwanitsa maola 48, kuonjezapo 12 ndi 60. Ameneyu ndi mwana wa maola 60, osati 96, ndipo pa tchati malo awiriwa ndi otalikirana.

Bilirubiniyo ndi zotsalira zachikasu zimene zimatuluka maselo ofiira a m'magazi akatha ntchito. Khanda limabadwa ndi maselo amenewa ambiri, ndipo ake sakhalitsa ngati athu, amene amafika masiku 120. Chiwindi, chimene chiyenera kukonza zotsalirazo kuti zituluke ndi chimbudzi, chimakhala chisanazolowere ntchito. Ndiye kwa masiku angapo zobwera zimachuluka kuposa zotuluka, khungu n'kuyamba chikasu, kuyambira kunkhope kutsikira kumiyendo. Mwa ana 10 obadwa miyezi itakwana, pafupifupi 6 amakhala nacho m'sabata yoyamba. Kawirikawiri chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako n'kumatsika chokha. Palibe chimene unalakwitsa uli woyembekezera.

Tsopano tchati chija anakuonetsa namwino, chimene wati chinangokuzunguza mutu. M'munsi mwake muli maola, m'mbali muli kuchuluka kwa bilirubini, ndipo pali mizere iwiri yokwera. Wapansi ndi woti mwana akaudutsa amugoneke pansi pa nyale za buluu. Wapamwamba, umene uli patali ndithu, ndi wosinthira magazi, ndipo ana ofika pamenepo ndi ochepa kwambiri. Ndigwiritsa ntchito tchati chimene chinatuluka ku Mangalande mu 2010, cha ana obadwa pa masabata 38 kapena kuposerapo, poti wako anabadwa pa 39. Mzere wa nyale uli pa 200 mwana akakhala ndi maola 24, pa 250 maola 48, pa 300 maola 72, ndipo kuyambira maola 96 umakhazikika pa 350. Pa maola 60 uli pa 275.

Ndiye 240 wakoyo ali pansi pa mzere ndi 35. N'chifukwa chake sanamuike pa nyale. Koma taona mmene nambala yomweyo imasinthira nkhope: ikanapezeka pa maola 30, pamene mzere uli pa 212, bwenzi pano ali kale pa nyale. Ikanapezeka pa maola 96, bwenzi ili pansi ndi 110, n'kukuuzani kuti pitani kaye mukapume. Mzerewu umakwera chifukwa nambala yaikulu m'maola oyamba imasonyeza kuti bilirubini ikuthamanga ndipo idakali ndi ulendo.

Koma 35 si mpata waukulu. Lamulo la tchatichi n'lakuti mwana akakhala pansi pa mzere koma osapitirira 50, ayezedwenso pasanathe maola 24, ndipo pasanathe 18 ngati pali china chokayikitsa, monga mwana akakhala ndi mkulu wake amene anagonapo pa nyale. Ndiye kukuuza kuti ubwerenso mawa m'mawa sikuti akukubisira kanthu. Usajombe, ngakhale ukaona ngati wayera. Mawa 10 koloko adzakhala ndi maola 84, mzere uli pa 325. Akadzapeza 260 usadzalire poona kuti nambala yakwera, chifukwa mpata udzakhala utakula kuchoka pa 35 kufika pa 65. Akadzapeza 330, ameneyo wadutsa mzere, agona pa nyale. Chimene timayang'ana ife ndi mpata umenewo ndi liwiro lake.

Paja unati mlamu wako anakuuza kuti mwana wake anagonekedwa ali ndi 18 yekha, ndiye iwe ndi 240 mtima unagwa. Miyezo ilipo iwiri. Pa pepala lako palembedwa µmol/L, pamene kwina amalemba mg/dL. Ukagawa nambala yako ndi 17 upeza ya muyezo winawo: 240 ndi 14, ndipo 18 wa mlamu wakoyo ndi woposa 300. Matchati nawonso safanana ndendende. Cha ku Amereka cha 2022 chili ndi mizere yakeyake, ndipo mwana wobadwa masiku asanakwane mzere wake umakhala wotsika. Choncho mukamakambirana, tsatirani chimene chipatala chanucho chikugwiritsa ntchito.

Zikafika pa nyale, si zopweteka. Amamuvula n'kumusiya ndi thewera, amamuphimba maso, ndipo kuwalako kumasandutsa bilirubini ya pakhungu kuti ithe kutuluka yokha popanda kudikira chiwindi. Amakulola kumutulutsa kuti ayamwe. Amazimitsa nambala ikatsika ndi 50 pansi pa mzere, n'kuyezanso pakadutsa maola 12 mpaka 18, poti nthawi zina imakweranso pang'ono.

Ntchito yako usiku uno ndi bere. Bilirubini imatuluka ndi chimbudzi, ndipo mwana wosakhuta sachita chimbudzi chokwanira, moti ina imabwereranso m'magazi kuchokera m'matumbo. Muyamwitse ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, ndipo akagona kupitirira maola atatu mudzutse. Usamupatse madzi, sachotsa chikasu, amangodzaza kamimba. Za kumuika padzuwa, ine sindigwirizana nazo. Angapse khungu kapena kuzizidwa ali wovula, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti makolo amadalira dzuwalo n'kusiya kukayezetsa. Maso nawonso amanama, makamaka pa khungu lakuda ngati la mwana wako. Ukafuna kumuona, yang'ana poyera pa diso ndi nkhama kukuwala masana, koma usaweruze ndi maso kuti nambala ili pati.

Pali zina zoti ukaziona usadikire mawa: akamavuta kudzutsa, akakana bere kawiri motsatizana, akamalira mokuwa ndi mawu osongoka achilendo, akamapinda msana chagada kapena kulobodoka, akatentha thupi, kapena chikasu chikafika m'zikhatho ndi kumapazi. Pamenepo nyamukani usiku womwewo, chifukwa bilirubini ikakwera kwambiri imalowa mu ubongo, ndipo mizere yonse ija anaijambula kuti mwana asafike kumeneko.

China ndikuuziretu cha m'tsogolo. Chikasu chikapitirira masiku 14, kapena chimbudzi chikamatuluka chotuwa ngati choko, mkodzo uli wodera wothimbiriritsa thewera, imeneyo ndi nkhani ina, ya njira za ndulu, ndipo tchati chathuchi sichiiona. Amayeza mtundu wina wa bilirubini, ndipo zimafunika changu.

Mawa ukafunse gulu la magazi ako ndi a mwana. Ngati ako ndi O, ake A kapena B, chikasu chimatha kukwera msanga. Ukatero unditumizire nambala yatsopanoyo pamodzi ndi ola limene amutenga magazi. Upereke moni kwa bambo ake, uwauze kuti kudzutsa mwana usiku ndi ntchito yawo.

Ndine mnzako wa kalekale.