Kalata yotsekera teremu, ndi zomwe tawalembera otithandiza pa zimbudzi za atsikana

Makolo ndi onse olera ana athu, mafumu, a komiti ya sukulu ndi amayi a madagulupu, ndakupatsani moni.

Teremu yachitatu tatseka bwino, masukulu lipoti ana apatsidwa, chonde muwafunse musangomva zoti aphunzitsi sanapereke. Koma nkhani yomwe ndalembera kalata ino ndi ya zimbudzi za atsikana zija, poti ambiri simunabwere ku msonkhano, ena munali ku mpunga ena kunyanja, ndiye ndati mudziwe zomwe tawalembera anzathu otipatsa ndalama aja chifukwa kalatayo yapita m'dzina lanu.

Ndime yoyamba ndi yothokoza basi, yaifupi. Tatchula ndalama yomwe inalowa ku akaunti ya sukulu, tsiku lomwe inalowa ndi ntchito yake, zimbudzi za zitseko 6 ndi kachipinda kosinthira. Zikomo wopanda nambala dona samukhulupirira, amafuna aone kuti ndalama yafika yonse ndipo tikudziwa kuti ndi ya chani.

Kenako zomwe msonkhano unamanga. Apa tinachita kukhala pansi ndi maminitsi a alembi, masamba anayi athunthu, nkuchotsamo zonse za uje anati uje anayankha, kutsala mfundo zokhazokha, iliyonse ndi mwini wake komanso nthawi yake. Malo tasintha, pomwe tinaloza poyamba panali pafupi ndi mjigo ndipo alangizi a zaumoyo anati pakhale mamita osachepera 30, komanso kumunsi kwake, kolera wa 2022 ndi 2023 uja kuno ku Nkhotakota sitinamuiwale. Mchenga wa kumtsinje ndi madzi ndi za midzi, mudzi uliwonse tsiku lake, mafumu ndi amene aziitana. Njerwa zootcha ayi, boma linaletsa pa zomanga ngati izi, tiumba mabuloko a simenti pasukulu pompano. Sitinalembe zoti "anthu agwira ntchito molimbika", zimenezo sizitheka kuzilondola, talemba kuti mchenga ukhala utafika sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala.

Pomwe panavuta ndi apa. Dothi lathu ndi la mchenga, dzenje losamangira mkati limagumuka mvula yoyamba yomwe, nonse munaziona zimbudzi zakale zija mmene zinapendekera. Amisiri atawerenga simenti yomangira dzenje lonse kuchoka pansi, zinaoneka kuti ndalama ikwana zitseko 4 osati 6, kachipinda kosinthira kakhalepo ndithu poti amayi a madagulupu anakaniratu kuti kachotsedwe. Msonkhano unavomera. Koma msonkhano ulibe mphamvu yosintha zomwe tinasainirana ndi eni ndalama, ndiye mkalatamo sitinalembe kuti tasintha, talemba chonchi mChichewa chake: "Msonkhano wapempha kuti zitseko zikhale 4 mmalo mwa 6 kuti dzenje limangidwe mkati, koteshoni ya amisiri taiphatika, ndipo sitigula simenti mpaka mutiyankhe molemba." Bambo wina anati bwanji tingomanga tidzawauza pomaliza. Ayi abale, munthu akabwera kudzawerenga zitseko nkupeza 4 pomwe pepala lake likunena 6, safunsa za mchenga, amangoti ziwiri zadyedwa, ndipo woyamba kulozedwa chala ndine ndi atcheya.

Panalinso ena omwe amafuna ndalama ina ipite ku madesiki. Tinavota, sizinadutse, ndipo talembamo mzere umodzi kuti maganizowo analipo koma anthu anasankha zimbudzi. Kubisa sikuthandiza, mawa wina adzawaimbira foni okha.

Zomwe takana kuikamo ndi mapempho atsopano. Ndikudziwa nyumba za aphunzitsi zikudontha, inenso ndimagona momwemo, koma kalata yothokoza ikasanduka ndandanda wa zosowa zikomo uja amamveka ngati nyambo. Zimenezo tidzalemba padera zimbudzi zikatha.

Kalata ya kwa otithandizayo ndi ya tsamba limodzi, yalembedwa m'Chingerezi koma isanapite tinaiwerenga mChichewa pamaso pa a Gulupu ndi komiti yonse, anakonza malo awiri, kenako anasaina atcheya a komiti, mayi wapampando wa madagulupu ndi ine, a Gulupu anadinda. Kumbuyo taphatika maminitsi, mayina a omwe anabwera ndi chithunzi cha malowo, chopanda nkhope za ana poti makolo sitinakupempheni chilolezo. Kope imodzi yapita kwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a dera lathu, ina taimata pa bolodi la ku ofesi, aliyense abwere awerenge.

Yankho likabwera mumva kudzera kwa mafumu. Mchenga wokha usadikire yankho, zitseko zikhale 4 kapena 6 ukufunika ndithu, ndipo ana asatumidwe kumtsinje okha, ng'ona simukuzisowa kuno.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wamkulu