Lipoti la maphunziro a ku Lilongwe: kuyesa DNS tisanazimitse rauta

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la oyendetsa malo a intaneti, zikomo kwambiri pondituma ku maphunziro a masiku awiri aja. Tinaphunzira zambiri, koma m'lipotili ndikhazikika pa vuto limodzi lomwe limatithawitsira makasitomala: kompyuta ikusonyeza kuti yalumikizidwa, koma tsamba silikutseguka, ndipo Windows ikuti `DNS server isn't responding`.

Kompyuta siyenda ndi maina, imayenda ndi manambala. Kasitomala akalemba dzina la tsamba, kompyuta imayamba yafunsa seva ya DNS kuti dzinali nambala yake ndi iti, monga momwe foni imasakira nambala mukasankha dzina la munthu. M'malo athu ambiri, kompyuta imafunsa rauta, ndipo rautayo imakafunsa seva ya kampani yomwe timagulako data. Ndiye uthenga uja umangotanthauza kuti funso lapita koma yankho silinabwere. Sukutiuza kuti wolakwa ndani. Apa ndi pomwe ambirife timasokera, timangozimitsa rauta n'kudula anthu onse amene anali pakati pa ntchito.

Mphunzitsi wathu anabwera ndi laputopu yolumikizidwa ku MiFi yomwe inali ndi vutoli, n'kundiuza kuti ndipeze polakwika. Ndinatsegula `cmd` n'kuyamba ndi kuyesa msewu wokha, popanda dzina:

```
ping 8.8.8.8
```

Mayankho anayi onse anabwera. Choncho data inalipo ndipo netiweki inali bwino. Akanakhala kuti sanabwere, ndikanasiya za DNS n'kuyang'ana bandulo, waya kapena siginolo, ngakhale anatichenjeza kuti pali manetiweki ena omwe amatseka `ping` dala.

Kenako ndinafunsa dzina limodzi kawiri, koyamba kwa seva yathu ya masiku onse, kachiwiri kwa seva ya Google:

```
nslookup wikipedia.org
nslookup wikipedia.org 8.8.8.8
```

Funso loyamba linapita ku `192.168.8.1`, yomwe ndi MiFi ija, ndipo linabwerera ndi `DNS request timed out`. Lachiwiri linatulutsa nambala ya tsambalo nthawi yomweyo. Kwa ine apa ndiye panagona phunziro lonse: ndinadziwa kuti vuto lili pa MiFi kapena pa seva yomwe iyo imafunsako, ndisanasinthe kanthu kalikonse m'kompyutamo. Mwa njira imeneyi mutha kuyesanso `1.1.1.1` ya Cloudflare kapena `9.9.9.9` ya Quad9.

Chonde muziwerenga yankho mofatsa. Mukaona `Non-existent domain`, seva yayankha ndithu, ikungoti dzinalo kulibe, ndipo kawirikawiri amakhala kasitomala amene waphonya chilembo. Koma maseva onse akakhala chete pamene `ping` ikuyenda, kayikirani pulogalamu yoteteza ku mavairasi, VPN yomwe wina anaiwala kuzimitsa, kapena netiweki yomwe ikutseka khomo nambala 53 lomwe mafunso a DNS amadutsira.

Nditatsimikiza m'pamene ndinasintha seva. Ndinalemba `ncpa.cpl`, ndinadina kumanja pa `Wi-Fi`, kenako `Properties`, `Internet Protocol Version 4 (TCP/IPv4)`, `Properties` kachiwiri, n'kusankha `Use the following DNS server addresses`. Pamwamba ndinaika `8.8.8.8`, pansi `1.1.1.1`. Ndinasankha makampani awiri osiyana dala, kuti wina akagwa mnzake agwire. Ndinamaliza ndi `ipconfig /flushdns` kuti kompyuta iiwale mayankho akale, ndipo tsamba linatseguka. Musanasinthe, jambulani ndi foni zomwe zinalipo kuti mudzathe kubwezeretsa.

Komabe sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti manambalawa ndi mankhwala a matenda onse. Bandulo ikatha, kapena ikakhala ya WhatsApp yokha, kusintha DNS sikutsegula tsamba lililonse. Ndipo inu amene mumaitanidwa kukakonza makompyuta kusukulu ndi m'maofesi, samalani kwambiri. Kumeneko seva ya DNS ya mkati ndi yomwe imadziwa maina a pulinta ndi mafoda ogawana, mwinanso ndi yomwe imatsekera ana masamba oipa. Mukaika `8.8.8.8` intaneti ibwera, koma mawa adzakuimbirani kuti pulinta yasowa. Malo otere yesani ndi `nslookup` basi, zotsatira zake mukapereke kwa woyang'anira netiweki.

Pa malo athu, ngati makompyuta onse akudwala nthawi imodzi, ndi bwino kusintha DNS mu rauta kusiyana ndi kuyenda kompyuta imodziimodzi, ngakhale si MiFi iliyonse yomwe imalola zimenezi.

A Wapampando, ndikupempha mphindi 30 pa msonkhano wathu wa Loweruka likudzali. Ndibwera ndi laputopu yomwe ndidzaisokoneza dala DNS, ndipo aliyense adzalembe malamulo atatu aja ndi manja ake. Amene muli ndi MiFi kapena rauta yaing'ono mubwere nayo, tidzaone limodzi ngati imalola kusintha DNS.