Inu a banki, K433,500 ya malemu bambo anga yapita kuti?

Ndikulemba pano chifukwa ku nthambi yanu ya mu Lilongwe ndapitako katatu ndipo palibe chomwe ndatolako. Bambo anatisiya chakumayambiriro kwa dzinja. Patangopita masiku ochepa maliro atatha ndinabweretsa chiphaso cha imfa ndi chitupa chawo cha unzika kuti mutseke akaunti, pasatulukenso ndalama. Munalandira mapepalawo. Sindinapemphe kuti mundidindire kope langa, ndipo lero mukuti simukuwaona.

Chomwe chandiwawa ndi cha ulendo wathawu. Mayi anga anadzuka mbandakucha ku Mitundu, miyendo ili yotupa, ine ndinachokera ku Kawale, tinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Titafika pa kauntala, mayi amene anali pamenepo sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Ndalama za womwalira sitipereka pawindo, kafunseni kukhoti," n'kuitana wotsatira. Mayi anga atati ayankhule, anawadula pakamwa kuti, "Agogo, mukuchedwetsa anthu." Namfedwa wa zaka 68, amuna awo asunga ndalama kwa inu kuyambira ine ndili kupulayimale. Anzanga amene mukuwerenga, akanakhala mayi anu mukanamva bwanji?

Ife sitinabwere kudzatenga ndalama. Tikudziwa kuti banki sipereka chuma cha masiye kwa aliyense wongoti ndine mwana. Pamafunika kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, monga likunenera lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo bambo sanasiye wilo. Koma kuti tikapemphe kalatayo, tiyenera kulemba chuma chonse chimene anasiya ndi mtengo wake. Tilemba chiyani inu mukukana kutipatsa kalata yosonyeza ndalama zimene zinali mu akaunti tsiku lomwe anamwalira? Inu mukuti yambani kukhoti, pomwe pepala lopita nalo kukhotiko lili m'manja mwanu.

Foni ya bambo ili ndi ine, ndipo mauthenga anu akubwerabe. Sabata imene anamwalira munali K3,846,200. Pano muli K3,412,700. Mwadula K138,000 ya ngongole katatu, ndi K6,500 yosungira akaunti katatu. Khadi yawo ili m'chikwama cha mayi, sitinaikhudze, chifukwa tikudziwa kuti kutapa ndalama ndi khadi ya womwalira n'kulakwa ngakhale pini ukuidziwa. Ife tasunga mwambo, amene akutapa ndinu.

Za ngongoleyo ndiye musandizunguze. Pa pepala limene bambo anasaina pali mzere wa inshuwalansi ya ngongole, ndipo ankailipira mwezi ndi mwezi. Ntchito ya inshuwalansi imeneyo n'kubweza ngongole yotsala wokongola akamwalira. Munatumiza chiphaso cha imfa ku kampani ya inshuwalansiyo? Liti? Ngati anakana kulipira, tionetseni kalata yokanirayo ndi chifukwa chake.

Tsono ndikufuna izi, zolembedwa ndi zodindidwa, osati zapakamwa. Kalata ya ndalama zimene zinalipo tsiku lomwalira. Sitetimenti kuchokera tsiku limenelo mpaka lero, kuti tambala iliyonse ioneke kumene yalowera. Mutiuzenso ngati panali akaunti ina m'dzina lawo, chifukwa ankanena za ndalama zina zimene anazitsekera kwa chaka kuti zibereke chiwongoladzanja. Ndipo mutilembere mapepala onse amene mudzafune tsiku lotulutsa ndalama, onse pakamodzi, chifukwa ulendo uliwonse munthu wina amatchula pepala lina.

Mutiuzenso njira imene ndalamazo zidzatulukire. Kodi mudzazipereka kwa amene khoti lamusankha, kudzera mu akaunti ya chuma cha malemu, kapena mudzazitumiza kwa bwanamkubwa wa boma kapena ku ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye kuti akagawe kumeneko? Izi n'zofunika kwa ife chifukwa mng'ono wanga womaliza ali ndi zaka 15, ndipo gawo la mwana silipatsidwa m'manja mwake, limasungidwa. Fizi yake ya teremu ino sitinalipire.

A manijala, ndikupatsani mpaka Lachisanu. K414,000 ya ngongole ibwerere, ndipo K19,500 ija mutifotokozere chifukwa chodulira akaunti imene tinakuuzani kuti mwiniwake anamwalira. Mukapanda kutero ndikukasiya dandaulo ku Banki Yaikulu ya dziko lino, kumene amamva madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo mauthenga onse a pafoni ndiwaika pano anthu awone okha. Musandiyankhe kuti ndibwere ku inibokosi. Ndipo mayi anga sindiwakwezanso minibasi kuchoka ku Mitundu mpaka wina wa inu atawapepesa.