Kalata yoyamikira kwa akuluakulu a kampani yathu ya inshuwalansi

Okondeka Bwana,

Ndalama za katundu wanga yemwe anaonongeka pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji zalowa mu akaunti, K5,000,000 yathunthu, ndiye ndati ndisangokhala chete ngati munthu wosayamika.

Kunena zoona, ndinkabwera ku ofesi kwanu nditakonzekera kukangana. Zaka zapitazo denga la shopu yanga pa Kamwendo litasasuka ndi mphepo, kampani ina yomwe ndinkalipirako mosaphonya inandizunguza mpaka ndinatopa ndekha. Lero akuti fayilo ili kwa bwana, mawa bwana ali ku msonkhano, mkuja bweretsaninso malisiti omwe ndinali nditapereka kale. Pomaliza ananditumizira kandalama kochepa popanda wondiuza kuti awerengera bwanji. Nditafunsa, mnyamata wina anangoti, "Amayi, zili mu polise," maso ali pa foni. Nthawi yotolera ndalama za pachaka anthu omwewo ankandiimbira okha, ulemu ngati akudzafunsira mbeta.

Ndiye lole yomwe ndinachita hayala itatererera m'ngalande chakufupi ndi Namitete mvula ili pakati, shuga ndi ufa wa tirigu n'kunyowa, zigubu za mafuta ophikira n'kuphulika, mumtima ndinangoti zapita basi.

Amene wandichititsa kulemba kalatayi ndi mayi wachitsikana wa pa desiki yolandira madandaulo. Dzina sinditchula, mukumudziwa. Ndinafika nsapato zili matope okhaokha, mapepala ali mu jumbo. Iye anadzuka pa mpando wake, n'kundikokera wina, n'kukanditungira madzi akumwa ndisanapemphe. Mawu ake oyamba sanali a fomu ayi. Anafunsa kuti, "Amayi, adalaivala ndi anyamata aja ali bwanji, sanavulale?" Munthu wa mu ofesi kufunsa za anthu asanafunse za mapepala! Lipoti la apolisi, zithunzi ndi malisiti anazilandira, zina zonse anayendetsa yekha, ndipo woona kuonongeka kwa katundu atamaliza ntchito yake, anachita kundiimbira iye, osati ine kumusaka.

Chomwe sindidzaiwala ndi pepala lomwe anandilembera ndi dzanja, m'Chichewa, titakhala limodzi. Katundu yense pa malisiti anali wa K6,800,000. Anandiuza mosabisa kuti amawerengera mtengo womwe ndinagulira ku holoselo, phindu lomwe ndikanapeza pogulitsa silimalowamo. Sopo ndi zigubu zomwe zinapulumuka, za K600,000, ndinatenga ndekha kukagulitsa, ndiye anazichotsa, kutsala K6,200,000. Kenako ekisesi, gawo lomwe mwini katundu amasenza yekha pa ngozi iliyonse. Yanga ndi 10 peresenti ya zoonongeka, kutanthauza K620,000, ndipo panatsala K5,580,000. Apa m'pomwe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, pepani, polise yanu imalekezera pa K5,000,000 pa ulendo umodzi wa katundu. Yapamwambapo sitingalipire." Malirewo tinagwirizana kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nthawi yomwe ndalama imeneyo inkadzaza lole.

Zinandiwawa, pakuti K1,200,000 yatuluka m'thumba mwanga. Koma mtsikanayu anandionetsa chinthu china chomwe akanatha kungochibisa. Anati mapolise ena amayamba aika malire kenako n'kuchotsa 10 peresenti ya malirewo ngati ekisesi, ndipo zikanatero ine ndikanalandira K4,500,000. Anatsegula polise yanga, n'kuloza ndi cholembera mzere womwe ukunena kuti ekisesi imachotsedwa pa zoonongeka malire asanaikidwe. Kusiyana kwake ndi K500,000, ndalama yolipirira ana sukulu. Ine mzere umenewo sindikanauona, ndipo ndikudziwa maofesi ena komwe akanasankha njira yowakomera iwo, n'kundiuza kuti ndi mmene kompyuta yatulutsira.

Asanandiperekeze pakhomo anandilangizanso kuti ndikamakonzanso polise ndikweze malire kuti afanane ndi mitengo ya lero, kapena katundu akachuluka ndizimugawa maulendo awiri. Ndasankha kukweza, ngakhale ndikudziwa kuti ndalama ya pachaka ikwera nayo.

Sindikunena kuti onse pa ofesi panu ali choncho. Bambo wina wa pa desiki yoyandikana nayo anandiona nditaima n'kupitiriza nkhani ya mpira ndi mnzake. Ameneyo ndi ena otero muziwakhazika pafupi ndi mtsikanayu mwina angatoleko kanthu. Koma iyeyo chonde muitaneni mumuuze kuti amayi a pa Kamwendo aja athokoza, ndipo nthawi yokweza anthu pa ntchito ikafika, kalata iyi ikhale mu fayilo yake. Ndinamutengera kathumba ka mtedza wa kwathu kuno, anakana mwaulemu kuti malamulo a ntchito salola.

Ine wanu,
Mayi wa shopu pa Kamwendo, Mchinji