Bandulo yothera pakati pa nkhani: tiseke, koma tidziwenso komwe deta ikupita

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa zithunzi zoseketsa zija achinyamata amati mamimu, makamaka zonena za bandulo imene imatha pa nthawi yoipitsitsa. Tonse taziona pa WhatsApp ndi pa Facebook. China chimaonetsa mnyamata atagwira m'mutu, chifukwa chibwenzi changomulembera kuti pali nkhani yoti akambirane, kenaka pa foni pangobwera uthenga woti bandulo yatha. China chimaonetsa munthu akuonera mpira, wosewera akuthamangira kukamenya penote, chithunzi n'kungouma. Anthu amaseka chifukwa aliyense zinamuonekerapo, ndipo sindikuletsa kuseka. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mamimu amenewa atizoloweretsa kuganiza kuti bandulo imangotha mwatsoka, ngati kuti palibe chimene munthu angachite. Pamene zoona zake n'zakuti nthawi zambiri foni yeniyeniyo imasunga umboni wa komwe deta yapita.

Kutha pa nthawi yofunika sikuti n'kwangozi ayi. Zinthu zimene timaziona kuti n'zofunika kwambiri, monga kuyankhulana pa kanema kapena kuonera mpira uli m'kati, ndi zomwezonso zimene zimadya deta mwaliwiro. Uthenga wolemba ndi kanthu kochepa zedi, munthu akhoza kutumiza mazana osafika ngakhale 1 MB. Koma kuyankhulana maso ndi maso pa Zoom kumadya pafupifupi 9 MB pa mphindi imodzi, ndipo kanema akakhala wooneka bwino kwambiri zimaposa pamenepo. Choncho 200 MB imene ikanakhala masiku angapo pa mauthenga olemba imatha mphindi makumi awiri zikangodutsa pang'ono. Munthu amaona ngati bandulo yamuchita chipongwe, chonsecho inali itatsala kale pang'ono, kanemayo wangomalizitsa.

Mwana wa mlongo wanga zinamuchitikira chonchi. Anaitanidwa ku mayeso a ntchito a pa intaneti, ndipo dzulo lake anagula bandulo ya 1GB ya sabata kuti akhale wokonzeka. Usiku anayatsa Hotspot n'kulumikiza laputopu yobwereka kuti akonze makalata ake ndi kuwatumiza. M'mawa, mafunso ali m'kati, nkhope za omufunsa zinangouma, n'kuzima. Pomwe ankathamangira kwa ejenti kukagula mayunitsi, nthawi yake inali itadutsa. Analira, ndipo mawu ake oyamba anali akuti amubera.

Madzulo tinakhala pansi n'kutsegula foniyo pa Settings, mbali yoonetsa deta imene pulogalamu iliyonse yadya. Pamwamba penipeni panali Hotspot, itatenga yoposa theka la bandulo yonse. Chifukwa chake n'chosavuta, ngakhale ambiri sachidziwa. Laputopu ikalumikizidwa ku foni imaona ngati yapeza Wi-Fi wamba wopanda malire, ndiye Windows imayamba kudzikonza ndi kukopera zatsopano mwakachetechete, munthu ali kalikiliki kulemba kalata. Foni ya mnzako ukaipatsa Hotspot ikhoza kuchitanso chimodzimodzi: mapulogalamu onse amene anauzidwa kuti azidikira Wi-Fi amadzuka nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi kutsegula Wi-Fi ya pa laputopuyo n'kuyatsa pamene palembedwa kuti Metered connection, usanayambe ntchito ina iliyonse.

Gawo lina linapita ku WhatsApp, ndipo apa ndi pamene mamimu aja amalowa m'nkhani yawo yomwe. Mtsikanayu ali m'magulu ambiri: la kutchalitchi, la anzake a kusukulu, la banja, la banki m'khonde. Foni yake inali yoti chithunzi ndi kanema aliyense wotumizidwa m'magulumo azidzikopera yekha. Chithunzi chimodzi si kanthu, koma kakanema koseketsa ka theka la mphindi kamatha kutenga ma MB angapo, ndipo komweko kamabwera m'magulu atatu. Tinalowa pa Storage and data, pansi pa Media auto-download, n'kuchotsa zonse pa When using mobile data. Pomwepo palinso Use less data for calls, komanso Network usage imene imaonetsa padera zimene zapita ku mafoni oimba, ku zithunzi ndi ku masitetasi. Ndikanakonda wotumiza mimu yodandaula za bandulo aziyamba waona pamenepa.

Komatu ndisamveke ngati ndikuti vuto lonse ndi la ogula. Pali kutha kwa mitundu iwiri kumene mamimu amakusakaniza. Kwina ndi kumene ndafotokozaku, deta yagwiritsidwa ntchito mpaka yatha. Kwina ndi kwa nthawi: bandulo ya tsiku kapena ya sabata imafa ola lake likakwana, ngakhale ma MB atatsalamo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati foni ikuonetsa kuti wadya zochepa kuposa zimene unagula, koma intaneti yaima, ndiye kuti yakupha ndi nthawi, kapena unagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha imene sitsegula masamba ena. Kutha kwa mtundu wachiwiriwu n'kumene kumandiwawa. Munthu amene ali kudera kumene netiweki imabwera n'kupita, kapena amene foni yake yakhala tsiku lonse yopanda moto chifukwa magetsi anazima, amataya chinthu chimene analipira kale ndi ndalama ya thukuta lake. Mayi wogula chigubu cha mafuta ophikira sauzidwa kuti otsala adzatayidwe Loweruka.

Kudandaula kwa pa intaneti kunabalapo kale zipatso. Mfuu ya #DataMustFall inamveka kwambiri ku South Africa mu 2016, ndipo mu 2019 malamulo a ICASA, bungwe loyang'anira za mafoni m'dzikolo, anayamba kugwira ntchito. Malamulowo amakakamiza makampani kuchenjeza wogula akadya theka la bandulo, akafika pa 80 peresenti, ndiponso ikatha. Amalolanso kuti deta yotsala isamukire m'nyengo yotsatira kapena ipatsidwe kwa munthu wina, ndipo amaletsa kudya mayunitsi a munthu bandulo ikatha iye asanavomereze. Kuno kwathu mfuu yomweyo inakula mu 2020, ndipo makampani a mafoni anatsitsa mtengo wa deta yogula popanda bandulo kufika pa K5 pa MB imodzi. Zimenezo zinatheka chifukwa anthu sanangoseka, anatchula chenicheni chimene ankafuna.

Pempho langa kwa a MACRA ndi makampani a mafoni ndi lakuti chenjezo lizifika nthawi ikadalipo, ndipo lizinena zinthu ziwiri momveka, m'Chichewa ngati wogula wasankha choncho: ma MB amene atsala, ndi tsiku komanso ola limene banduloyo ifere. Deta yotsala isamafe pa bandulo ina iliyonse ngati munthu wagulanso ina nthawi isanakwane. Ndipo kwa achinyamata aluso amene mumapanga zithunzizi, anthu amakumverani kuposa momwe amawerengera zidziwitso za makampani. Pansi pa chithunzi cha mnyamata wogwira m'mutu uja, onjezani mzere umodzi wouza anthu kuti aone Data usage pa foni yawo asanalowe pa kanema wofunika, ndi kuti akhale ndi 600 MB kapena kuposerapo ngati kukambiranako kutenge ola lathunthu.

Ine wowerenga wanu,
ku Chinamwali, Zomba