Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi pa nkhani ya zizindikiro za m'kalembedwe

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a kuno ku Matero, msonkhano munanditumako ku Kabwata uja ndinakakhala nawo mpaka kutseka. Za m'mawa zinali malonje ndi malamulo a mayeso omwe tonse tikuwadziwa kale. Chomwe ndabwera nacho ndi phunziro la masana, la ziganizo zomatikizana.

Vuto lake nali. Mwana amalemba kuti: "Mvula inagwa usiku, msewu wa ku Kanyama unadzaza madzi." Apa pali ziganizo ziwiri, chilichonse ndi mwininkhani ndi mneni wake, koma wazigwirizanitsa ndi mpatuliro wokha, womwe ulibe mphamvu yotero. Wina saikapo n'komwe chizindikiro, amangothamanga mpaka kumapeto kwa ndime. Kutalika si mlandu ayi. "Anafika anadya" n'chachifupi koma n'cholakwika. Poyesa, phimbani mbali imodzi ndi chala, muwerenge yotsalayo, kenaka musinthe. Zonse ziwiri zikamveka pazokha, pafunika kukonza.

Njira yoyamba ndi kuika mpumiro pambuyo pa "usiku" ndi kuyamba "Msewu" ndi lemba lalikulu. Yachiwiri ndi kuika mlumikizi: "Mvula inagwa usiku, ndipo msewu wa ku Kanyama unadzaza madzi," kapena kutembenuza kuti "Msewu wa ku Kanyama unadzaza madzi chifukwa mvula inagwa usiku." Ine ndiyi inandigwira mtima, popeza imakakamiza mwana kuganiza. Asankhe yekha pakati pa "ndipo", "koma" ndi "chifukwa", ndiye mumaoneratu ngati akumvetsa zomwe akunena. Yachitatu ndi semikoloni, kadontho kokhala pamwamba pa mpatuliro kaja, yomwe imayenera pokhapokha maganizo awiriwo ali pa nkhani imodzi.

Ndinaimirira kuchenjeza kuti m'chinenero chathu mneni mmodzi ngati "anafika" ndi chiganizo chathunthu, n'chifukwa chake ana amagwa kawirikawiri. Komanso "Anafika kunyumba, n'kukhala pansi" tisamachonge ngati cholakwa, poti "n'kukhala pansi" siima payokha.

Msonkhano unagwirizana kuti njira zitatuzi ziphunzitsidwe pamodzi sabata imodzi. Ine sindikuvomereza. Mwana amene mpumiro sanaugwire, mukampatsa semikoloni adzaimwaza paliponse. Tiyambe ndi ziwiri zoyambazo, yachitatu idikire temu yotsatira. Ndipo tinene zoona, anzanga: kukonza kotere kumafuna kuti mphunzitsi awerenge chimangirizo cha mwana aliyense mzere ndi mzere. Nkhani yogawana makope ochonga tinaikamba temu yatha, mpaka lero ili chigonere, ndipo mulu wonse ukugwerabe ife a zinenero. Ndikupempha ilowe pa mndandanda wa zokambirana Lachisanu.

Ndalama ya ulendo inapita ku minibasi, nkhomaliro ndi kujambulitsa mapepala a zitsanzo. Mapepalawo ali kwa a Mlembi, ndipo malisiti ndapereka kwa a Msungichuma.