Dola ikakwera, golide satsika mofanana kulikonse

Akonzi,

Ambiri amati dola ikalimba mtengo wa golide umagwa paliponse. N'zoona pang'ono chabe.

Golide amagulitsidwa m'madola pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1. Dola ikalimba, ogula a ku India ndi ku Ulaya amaona golide akudula m'ndalama zawo, amachepetsa kugula, mtengo wa m'madola n'kutsika. Ku Dubai, kumene ndalama yawo ya dirham inamangidwa pa 3.67 pa dola, kutsikako kumafika konse.

Koma ndalama ya dziko lina ikagwa kwambiri poyerekeza ndi dola, nkhani imasintha. Mu Marichi 2022 aunsi inali pafupifupi $2,000, paundi ya ku Britain ikugula $1.31. Kugawa ziwirizi kumapereka mapaundi pafupifupi 1,525. Pofika kumapeto kwa Seputembala golide anali pafupifupi $1,650, koma paundi inali itagwera pa $1.08, ndiye aunsi inali idakali pafupifupi mapaundi 1,525. Wogula wa ku London sanaone kutsika kulikonse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaona mtengo wa m'madola wokha. Choyamba onani kuti golide watsika ndi maperesenti angati, kenako ndalama yanu yagwa ndi angati. Mtengo wa kwanuko umatsika pokhapokha golide atagwa kuposa ndalamayo.

Wowerenga wanu,
Blantyre